Kanema wa kwaya ya ana ku Lake Chivero: pa pepala la chitetezo tilembepo chiyani?

Nabanda, Mabvuku

Moni nonse. Kwaya ya ana ya kumpingo kwathu ikufuna kujambula kanema wa nyimbo imodzi ku Lake Chivero mwezi wa Novembala. Ana ndi 8, wamng'ono ali ndi zaka 6, wamkulu 12. Wotsogolera kanema wakonza zigawo zitatu. Choyamba ana akuimba pagombe. Chachiwiri ana anayi akuyenda m'madzi olekeza m'mawondo dzuwa likulowa. Chachitatu onse ali m'boti pakatikati pang'ono, kamera ili kumtunda. Akuluakulu a mpingo ati sapereka ndalama mpaka aone pepala lofotokoza ziopsezo ndi mmene titetezere ana. Pepalalo limalembedwa bwanji, ndipo pa tsikulo pafunika anthu angati?

Mbewe, Highfield

Anabanda, musazikulitse. Madzi a m'mawondo sangamize mwana wa zaka 10. Sankhani ana odziwa kusambira, abwerekereni majekete oyandamitsa a m'botimo, makolo asayine fomu, basi. Papepalapo lembani kuti pali majekete, pali bokosi la mankhwala ndipo pali akuluakulu.

Phiri Wakamera, Mbare

Achimwene a Mbewe, majekete ndi fomu zikufunikadi, koma pepala limene mwanenalo silisintha kanthu pa zimene zichitike pagombe, ndiye n'lopanda ntchito.

Anabanda, musalembe pepala limodzi la "tsiku lojambula". Lembani chigawo ndi chigawo, chifukwa chilichonse chili ndi ngozi yake. Pa chigawo chilichonse mulembe kuti choopsa n'chiyani, chigwera ndani, kenako mupereke manambala awiri, iliyonse kuyambira 1 mpaka 5. Yoyamba ikunena za mpata woti chinthucho chichitike, yachiwiri ikunena za kukula kwa tsokalo likachitika, ndipo 5 ndi imfa. Muchulukitse manambala awiriwo. Mukatero mulembe chimene musinthe, dzina la munthu mmodzi amene achite zimenezo, ndi nambala yatsopano mutasintha.

Titenge chigawo chanu chachiwiri. Choopsa ndi mwana kuterereka n'kugwera pozama, kapena kugwidwa ndi ng'ona. Kukula kwa tsoka ndi 5. Mpata ndiuika pa 3, chifukwa ana ndi anayi, pansi sipakuoneka, kukuda, ndipo maso a aliyense ali pa kamera. 3 kuchulukitsa ndi 5 ndi 15. Magulu ambiri ojambula amaika malire akuti chofika 15 sichijambulidwa mmene chililimo, cha pakati pa 8 ndi 12 chijambulidwa pokhapokha zoteteza zonse zili pamalo, cha pansi pake chingapitirire. Malirewo mugwirizane musanayambe kupereka manambala, apo ayi mudzayamba kutsitsa nambala kuti chigawo chimene mumachikonda chidutse.

Chimene anthu amalakwitsa n'chakuti akalemba "pali majekete" amatsitsa 5 uja kukhala 2. Ng'ona siona jekete. Pa madzi ngati amenewa 5 amakhalabe 5, chimene mungatsitse ndi mpata wokha, ndipo njira yotsimikizika youtsitsira ndi kumuchotsa mwana m'madzimo.

Mwale, Norton

Ndionjezere za nyanjayo, poti a Mbewe akuiganizira ngati dziwe losambiramo la m'tauni. Chivero ndi damu pa mtsinje wa Manyame, linamangidwa mu 1952, ndipo pansi pake ndi nthaka imene inamizidwa, si mchenga wosalala. Pali matope ogwira phazi, zitsa, miyala, maenje ndi zidutswa za maukonde. Ungakhale m'madzi a m'mawondo, n'kuponya phazi limodzi lokha n'kupezeka m'khosi. Komanso "m'mawondo" a ndani? Madzi ofika m'mawondo a wotsogolera kanema amafika pafupifupi m'chiuno mwa mwana wa zaka 6.

Ng'ona zilimo. Nthawi imene ojambula amaikonda, dzuwa likufiira madzulo kapena mbandakucha, ndi nthawi yomwe ng'ona zimasaka kwambiri m'mbali mwa madzi. Namasupuni ndi mabango zimazibisa, ndipo mphepo ikasintha namasupuniyo amasuntha, moti gombe limene munaliona loyera Lachiwiri mukalipeza lodzaza Loweruka.

Madziwonso si abwino. Zonyansa za m'mipope ya mzinda wa Harare zimathera mmenemo. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi okhala ndi ndere zapoizoni, nsomba zambiri zinafanso, mpaka a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire, analetsa usodzi. Mukaona madzi obiriwira ngati athiramo penti, mwana asawakhudze n'komwe.

Naphiri, namwino, Dzivarasekwa

Palinso likodzo. Nkhono zake zimakhala ndendende m'madzi osaya, odekha, a zomera, pomwe mukufuna kuimika anawo. Tizilombo take timalowa pakhungu, sipafunika kumwa madziwo kapena kukhalitsamo. Zizindikiro zimadzaoneka patapita masabata, kanemayo atatuluka kale, ndipo kholo silingaganize zoti magazi a mumkodzo achokera ku tsiku lija. Pa manambala a a Phiri ndingaike mpata 4, kukula 3, ndiye 12. Jekete, chingwe ngakhale wopulumutsa anthu sizichotsapo kanthu pa 12 ameneyo.

Za kusambira, a Mbewe, mwana amene amasambira bwino atavala kabudula m'dziwe loyera si yemweyo atavala yunifomu ya kwaya yonyowa, phazi litatitimira m'matope, atameza madzi. Ndipo womira sakuwa. Mutu umapendekera kumbuyo, pakamwa pamangotuluka n'kulowa m'madzi, manja akupalasa m'mbali, ndipo zimenezi zingathe m'masekondi 20 mpaka 60 asanazimiririke. Pamene sipika ikuimba nyimbo kuti ana atsatire ndi milomo, palibe angamve kanthu ngakhale atayesa kukuwa.

Nabanda, Mabvuku

Ndamva, koma wotsogolera kanema sangavomere. Nyimboyo ikunena za madzi. Tikachotsa madzi tatsala ndi chiyani?

Phiri Wakamera, Mbare

Madzi satuluka mu kanema, ana ndi amene atuluke m'madzi. Ntchito imeneyo ndi ya lenzi.

Imikani ana mamita 10 kuchokera pamene madzi akuthera. Kamera ikhale kumtunda, mamita 25 kuchokera pa ana, ikuyang'ana kunyanja, ndi lenzi ya 200mm. Pa kamera imene sensa yake, kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwake, ndi yaikulu ya mamilimita 36 m'lifupi, pamtunda umenewo chithunzi chimatenga mamita 4.5 m'lifupi ndi pafupifupi 2.5 msinkhu, ndiye ana 8 m'mizere iwiri akwana bwinobwino. Kamera ikakhala kutali chonchi, mtunda wa kumbuyo kwa ana umaoneka wofinyika, mamita 10 aja amasanduka kamzere kakang'ono.

Mungawerengeretu kuti gombe lidzaonekera pati. Tengani msinkhu wa kamera, muchulukitse ndi 10, mugawe ndi 35, amene ndi mtunda wonse kuchokera pa kamera kukafika pamadzi. Kamera ikakhala pa mamita 1.2, mzere wa gombe udzadutsa kumbuyo kwa ana pa masentimita 34 kuchokera pansi, cha m'mawondo, ndipo madzi adzadzaza kumbuyo kwawo mpaka cha m'mapewa. Mukaikweza kufika mamita 2, gombe likwera kufika pa masentimita 57, koma madzi adzapitirira mitu yawo. Dulani chithunzi kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba ndipo woonera adzalumbira kuti anawo ali m'madzi. Kumene nthaka ikutsetsereka kulowera kunyanja zimakhala bwino koposa, chifukwa gombe limatsikiranso pansi. Ngati muli ndi 135mm yokha, bweretsani kamera pa mamita 17, chithunzi chikula chimodzimodzi, koma muwerengenso ndi 27 m'malo mwa 35.

Mapazi akuponda m'madzi mukajambule tsiku lina kutchalitchi. Kumbani pang'ono kapena zungulizani matabwa, yalani pulasitiki yakuda, thirani mchenga wa kumtsinje wotsukidwa ndi kuumitsidwa, ndi madzi a pampopi kapena a pachitsime masentimita 10. Jambulani pafupi, dzuwa lili kumbuyo kwa mapazi kuti madzi anyezimire. Polumikiza zithunzi palibe adzadziwe. Mukamaliza tayani madziwo nthawi yomweyo, chifukwa pa tchalitchi pamakhala tiana tongoyamba kuyenda timene sitili pa mndandanda wanu, ndipo kwa ito masentimita 10 ndi okwanira.

Mukatero chigawo chachiwiri chichoka pa 15 kufika pa 5, ndiye kuti 1 kuchulukitsa ndi 5, ndipo likodzo lichokeratu papepala.

Mbewe, Highfield

Za lenzi ndagonja, n'zanzeru. Koma boti ndikukanabe. Anthu amakwera maboti pa Chivero Loweruka lililonse. Ndi jekete, woyendetsa wodziwa ntchito, vuto lili pati?

Mwale, Norton

Pa Khirisimasi ya 2011 boti lodzaza mopitirira muyeso linagudubuka pa nyanja yomweyi, anthu 11 anafa, ambiri a iwo ana. Linali boti lokweza anthu okasangalala, ngati amene mukunenawo. Makolo a ana a Anabanda akuikumbukira nkhaniyo, ndipo akuluakulu a mpingo adzaifunsa.

Sindikunena kuti boti silingatheke, koma taonani zimene zifunike. Boti ndi woyendetsa akhale ndi mapepala ovomerezeka, muwaone ndi maso, osati kungouzidwa. Chiwerengero cha anthu chimene botilo linalembedwa chisapitirire, ndipo mwana awerengedwe ngati munthu wathunthu, osati theka. Pakhale boti lachiwiri la injini, injiniyo ikulira, lili kunja kwa chithunzi koma pafupi moti lingafike pasanathe theka la mphindi, muli anthu awiri: woyendetsa ndi wovuula. Munthu mmodzi sangagwire chiwongolero n'kumakokanso mwana. Ndiye vuto la kujambula n'lakuti wotsogolera adzafuna ana aimirire, akweze manja, ayang'ane mbali imodzi kumene kuli kamera. Ana 8 kutsamira mbali imodzi ya boti laling'ono ndi mmene boti limagudubukira. Okwera wamba amakhala pansi, oimba sakhala.

Majekete obwereka nthawi zambiri amakhala a akuluakulu. Jekete lalikulu pa mwana limakwera m'mwamba akagwera m'madzi, n'kumuphimba nkhope kapena kuvuka. La mwana limasankhidwa potengera kulemera kwake, ndipo makilogalamu ake amalembedwa mkati mwa jeketelo, choncho ana onse ayezedwe pa sikelo kusanafike tsikulo. Likhale ndi kolala yotukula mutu ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Lolembedwa 50N ndi longothandiza munthu wodziwa kusambira, silitembenuza wokomoka kuti nkhope iyang'ane kumwamba. Funani la 100N kapena kuposa. Mukamuveka, gwirani jekete m'mapewa n'kulikokera m'mwamba: likafika m'makutu ndi lalikulu, musamukweze.

Phiri Wakamera, Mbare

Ndipo majekete 8 alalanje akaoneka pa chithunzi, wotsogolera adzati "tivule kamodzi kokha, masekondi khumi". Pamenepo m'pamene mapepala ambiri amafera. Ine ndingakokere botilo kumtunda, pa mzere womwewo wa mamita 10, ndiliikire matayala kapena mitengo m'mbali kuti lisapendekeke, ana akhalemo, ndijambule ndi lenzi yomweyo, m'munsi mwa boti musaoneke. Wothandizira awalitsire kuwala kogwedezeka pankhope zawo ndi chonyezimiritsa chasiliva, kuoneke ngati kunyezimira kwa madzi. Chithunzi chakutali cha boti lili panyanja chijambulidwe ndi akuluakulu ovala majekete, patali pomwe nkhope sizidziwika.

Mbewe, Highfield

Boti la pamtunda limaoneka kuti ndi la pamtunda, a Phiri. Siligwedezeka. Woonera wa masiku ano si wopusa.

Phiri Wakamera, Mbare

Kamera ya pamanja ikamayendayenda pang'ono ndipo chigawocho chikhale cha masekondi atatu kapena anayi, chimadutsa. Chikakhala cha masekondi 20 chionekadi, pamenepo mukunena zoona. Ndiye wotsogolera asankhe kufupikitsa chigawocho kapena kulipira boti lachiwiri ndi majekete oonekera.

Nkhoma, Mufakose

Pepani ndilowererepo. Ife tikufuna kujambula ana akuwoloka msewu pafupi ndi sitolo za kwathu, kanema wophunzitsa kuwoloka bwino. Palibe madzi. Anyamata awiri ovala zonyezimira akuimitsa magalimoto sizikwanira?

Phiri Wakamera, Mbare

Sizikwanira, ndipo anyamatawo alibe mphamvu yoimitsa galimoto pa msewu wa boma. Kutseka msewu kumafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda ndi apolisi a ZRP ataima pomwepo. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi. Dalaivala akatenga sekondi ndi theka kuti aponde buleki wadutsa kale mamita 25, kenako mamita ena 20 kuti iime pa tala wouma ndi matayala abwino. Ndi mamita 45, ndipo kombi yothamangira okwera simungaiwerengere matayala abwino. Njira yake ndi yofanana ndi ya madzi: pezani msewu wa mkati mwa sukulu kapena bwalo la tchalitchi lokhala ndi geti, galimoto ikhale yanu ndi dalaivala wanu. Kapena kamera ikhale pamiyendo yake osaisuntha, mujambule galimoto ikudutsa popanda ana, kenako ana akuwoloka galimoto itaima makiyi ali m'thumba la woyang'anira chitetezo, mudzalumikize pakompyuta. Yambitsani nkhani yakeyake kuti tiilongosole bwino, pano tisasokoneze ya Anabanda.

Nabanda, Mabvuku

Chabwino, tinene kuti ana onse ali mamita 10 kumtunda. Ndiye basi palibenso choopsa? Anthu oyang'anira afunikabe?

Naphiri, namwino, Dzivarasekwa

Afunika kwambiri, chifukwa ngozi yotsala siili pa nthawi yojambula. Kamera ikamajambula ana ali pamzere, aliyense akuwaona. Ngozi ili pa nthawi yosintha lenzi, ya chakudya, yopita kuchimbudzi ndi yolongedza madzulo, pamene mwana mmodzi apita kukasamba m'manja kunyanja kapena kutsatira mpira. Akuluakulu 10 angakhalepo, aliyense akuganiza kuti mnzake akuona.

Choncho ana agawidwe ndi maina. Pa ana 8 a misinkhu imeneyi pafupi ndi madzi ndingafune akuluakulu anayi, aliyense ana awiri, olembedwa papepala kuti uyu ndi wa uyu. Wa zaka 6 akhale ndi amene sadzamusiya patali kuposa pofika dzanja kupatula pamene ali pa chithunzi. Anthu amenewa alibe ntchito ina: sagwira chonyezimiritsa, sadzoza ana mafuta, sajambula ndi foni. Woyang'anira akafuna kuchoka, amapereka ana ake kwa mnzake ndi mawu, mnzakeyo n'kuvomera. Kuchimbudzi mwana asapite yekha, ndipo asapite ndi wamkulu mmodzi amene si kholo lake. Apite ana awiri ndi mayi, kapena akuluakulu awiri.

Kuwerenga ana kuchitike ndi maina, osati mitu: pokwera kombi, potsika, pa kutha kwa chigawo chilichonse, musanadye, mutadya, ndi musananyamuke. Pagombe pamakhala ana a anthu ena, ndipo mitu 8 ingakwane pomwe wanu mmodzi palibe.

Mwale, Norton

Kuwonjezera pa anayiwo pakhale munthu mmodzi woyang'ana madzi okha. Khomani zikhomo ndi chingwe chowala pa mamita 5 kuchokera pamadzi, kunja kwa chithunzi kapena pansi penipeni pomwe kamera sichiona, ndipo lamulo likhale lakuti palibe wodutsa chingwecho, ngakhale wamkulu. Woyang'ana madziyo aime m'mbali, akuona gombe ndi ana nthawi imodzi, ali ndi wezulo, mtengo wautali wa mamita atatu kapena anayi, ndi chingwe choyandama cha mamita 15 mpaka 20 chomangirira chinthu choyandama. Ayesere kuchiponya kangapo m'mawa, chifukwa chingwe chopota chimagwera pa mapazi ake omwe. Munthu akagwera m'madzi, choyamba ndi kumupatsa mtengo, chachiwiri kumuponyera chingwe. Kudumphiramo ndi kwa amene anaphunzira kupulumutsa anthu yekha, chifukwa womira amakoka womuthandiza. Maso amatopa ndi kunyezimira kwa madzi, ndiye asinthane ndi wina mphindi 20 kapena 30 zilizonse.

Malowa ali m'manja mwa ZimParks, ndiye chilolezo chojambula mukachitenge kwa iwo pasadakhale, ndipo mupemphe kuti mlonda wawo akhale nanu. Iye ndi amene amadziwa gombe limene ng'ona zaonekapo posachedwa. Apolisi a Sub Aqua, olowa pansi pa madzi kukafuna omira, musawalembe ngati chitetezo chanu. Iwo amafika nthawi yopulumutsa itadutsa kale.

Phiri Wakamera, Mbare

Wezuloyo ikhale ndi tanthauzo limodzi: ikalira, nyimbo izimitsidwe, ana akhale pansi pomwe alipo, oyang'anira athamangire kwa ana awo. Muyeserere kamodzi ndi anawo musanayambe. Papepala mulembenso dzina la munthu amene ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito yonse, ndipo asakhale wotsogolera kanema kapena wa kamera. Ife tikaona kuwala kokongola kukutha timafuna kujambula kamodzinso. Anabanda, mwina akhale inuyo, ndipo wotsogolera asayine pansi pa mzere umenewo.

Magetsi a jenereta musapite nawo. Sipika ya batire ndi zonyezimiritsa ziwiri zikwanira. Ngati wina aumirira jenereta, ikhale kutali ndi ana ndi madzi, mawaya asadutse ponyowa, ndipo pakhale chodula magetsi cha `30 mA` chimene mwachiyesa podina batani lake m'mawa womwewo.

Mbewe, Highfield

Novembala mwaiganizira? Ndi nthawi ya mvula yoyamba imeneyo.

Mwale, Norton

Apa a Mbewe mwakhudza chenicheni. Mvula ya mabingu imakonda kubwera masana ndi madzulo, nthawi yomwe mukufuna dzuwa lofiira, ndipo gombe lopanda kanthu, miyendo yachitsulo ya kamera ndi mtengo wa maikolofoni si malo oimapo. Mukaona ching'aning'ani werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akakhala 30 kapena kucheperapo, mphezi ili mkati mwa makilomita 10, ana alowe m'kombi, mawindo otseka, osati pansi pa mtengo kapena kakhumbi kopanda makoma. Mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Ndiye kombiyo isakusiyeni n'kupita kukagwira ntchito ina, ikhale pomwepo tsiku lonse, itayang'ana kotulukira.

Ndingakonde kuti muyambe cha m'ma 7 koloko m'mawa, dzuwa litatuluka kale, n'kumaliza 11 koloko isanakwane. Kuwala kukadali kofewa, mitambo isanasonkhane, kutentha kusanafike, ndipo mubwerera pa msewu wa Bulawayo kukuwala.

Phiri Wakamera, Mbare

M'mawa ndivomera, koma mukaone malowo pa ola lomwelo sabata imodzi kusanafike tsikulo. Dzuwa likakhala kutsogolo kwa ana adzatsinzina nyimbo yonse, ndipo gombe limene limakoma madzulo silikhala lokoma m'mawa. Pa ulendo umenewo muyese mamita 25 ndi 10 aja ndi tepi, muone ngati pali malo okwanira kumbuyo kwa kamera, muone ngati foni ikugwira pamanetiweki awiri.

Naphiri, namwino, Dzivarasekwa

Pa ulendo womwewo muyendetse galimoto kuchokera pagombe kukafika kuchipatala, mulembe mphindi zake. Kuchokera m'tauni kufika ku Chivero ndi makilomita opitirira 30, ndipo kuchoka pagombe kufika pa tala pali kamtunda kena ndi geti. Norton ili pafupi, zipatala zazikulu ndi Sally Mugabe ndi Parirenyatwa ku Harare. Lembani kuti bala laling'ono lipita kuti, mwana wovuulidwa m'madzi apita kuti. Pakhale galimoto ina yapadera, osati kombi ya ana, ya mafuta okwanira, dalaivala wake wodziwika dzina, makiyi ali m'thumba mwake.

Ubongo umayamba kuwonongeka pakadutsa mphindi 4 mpaka 6 wopanda mpweya, choncho ambulansi iliyonse idzafika mochedwa. Amene apulumutse mwana ndi amene ali pagombepo. Pakhale anthu awiri ophunzira chithandizo choyamba cha ana. Kwa womira timayamba ndi mpweya: kumuuzira kasanu pakamwa, chifuwa chikuoneka kukwera, kenako kudina pachifuwa ka 30, kuuzira kawiri, kumangobwereza, kudinako kukhale ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chifuwa. Zomuzondotsa kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke n'zotaya nthawi ndipo zimamusanzitsa. Zimenezi sizophunzirira pano, pitani mukagwire chidole kwa a St John kapena a Red Cross. Mwana amene wamira n'kuvuulidwa apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, makamaka akamakhosomola, kupuma mofulumira kapena kuwodzera, chifukwa mapapo angavute patapita maola.

Fomu ya makolo isangonena kuti "ndalola mwana wanga kujambulidwa". Itchule Lake Chivero, maola ake, kuti mwana sadzalowa m'madzi kapena kukwera boti loyandama, kumene kanemayo adzaonetsedwe, ndi nambala ziwiri za foni. Ifunse za khunyu, mphumu ndi zakudya kapena mbola za njuchi zimene zimamudwalitsa. Makolo ena amabisa khunyu poopa kuti mwana asiyidwa, ndiye muwafunse paokha, mofatsa, ndi kuwauza kuti sasiyidwa koma adzakhala ndi womuyang'anira wakewake. Ilembedwe m'chilankhulo chimene khololo limawerenga, poti ena mwa ife ana athu ndi makolo awo amawerenga Chishona kuposa Chichewa.

Nabanda, Mabvuku

Ndikuwerenga anthu: oyang'anira ana anayi, oyang'ana madzi awiri osinthana, madalaivala awiri, ine, mlonda wa ZimParks, kuphatikiza ojambula. Achithandizo choyamba angakhale ena mwa omwewa?

Naphiri, namwino, Dzivarasekwa

Woyang'ana madzi amene akupuma angakhale mmodzi, inuyo wachiwiri. Asakhale mwa anayi aja, chifukwa akagwada pa mwana mmodzi, ana ake awiri atsala opanda maso pa nthawi yomwe aliyense wasokonezeka.

Mbewe, Highfield

Ngati ana sakhudza madzi, n'kupitiranji ku Chivero? Inu muli ku Mabvuku, Cleveland Dam ili pakhomo panu pa msewu wa Mutare. Ulendo wafupika, chipatala chayandikira.

Mwale, Norton

Ulendo wafupikadi, ndipo kombi ya ana pa msewu waukulu ndi chiopsezo chofunika mzere wake papepala. Koma pepala la Chivero musalisamutsire ku Cleveland n'kungosintha dzina. Oyang'anira malo ndi ena, chilolezo ndi china, gombe muliyendenso ndi tepi, ndipo chingwe cha mamita 5 ndi woyang'ana madzi zikhalabe.

Phiri Wakamera, Mbare

Kwa lenzi pali kusiyana kumodzi. Damu laling'ono tsidya lake lili pafupi, ndiye mitengo ya kutsidya idzadya gawo la madzi a kumbuyo kwa ana, ndipo mudzayenera kukweza kamera kwambiri kuti madzi adzaze chithunzi. Mamita 2 mwina sakwanira, ndipo kukwera pa makwerero ndi mzere winanso papepala. Tengani wa kamera wanu ndi lenzi yakeyo mukayese malo onse awiri ndi akuluakulu awiri oimira ana, mmodzi atagwada kuti afanane ndi wa zaka 6.

Nabanda, Mabvuku

Tipita Loweruka m'mawa, Cleveland poyamba. Za boti wotsogolera sanayankhebe, akuti masekondi anayi ndi ochepa pa kolasi yonse. A Phiri, lenzi yake ndi ya 70 mpaka 200 koma kamera ndi ya sensa yaing'ono, mamita 25 aja asintha bwanji?